Kumene Ndalama za Mandasi Zinkapita

Chaka chimene mwana wanga anayamba kulankhula bwino, ndinkagulitsa mandasi pa Nsanama. Benchi yanga inali yoyang'ana kumsewu, pafupi ndi pamene anyamata a njinga zamoto amadikirira anthu. Tinkakhala m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa chigayo. Chipindacho anachipeza ndi bambo a mwanayo asanapite ku Joni. Tsiku lonyamuka anaima pakhomo chikwama chili kumsana, nati, "Amake mwana, musachoke pano. Ndikadzabwera ndidzakupezeni pompano, kenako tidzamange yathu." Anandisiyira ndalama ya mpamba, beseni lofiira ndi kafoni ka mabatani.

Kwathu ndi ku Rivirivi, ku Balaka. Amayi ankatumiza mawu kawirikawiri kuti ndibwerere, munda ulipo, ndisamalipire nyumba ya eni ngati ndilibe kwathu. Koma ine ndinkaona kuti ndikatuluka m'chipinda chimenecho ndiye kuti ukwati ndaupasula ndekha. Ndinkafuna akadzatsika minibasi adzapeze chitseko chomwe chija, ine ndili mkati.

Vuto linali lakuti mpamba unkachepa. Poyamba ndinkakanda makilo asanu a ufa patsiku. Kenako anayi. Pofika nthawi imene ndikunenayi ndinkakanda atatu, ndipo lendi ndinali nditalipira mochedwa miyezi iwiri yotsatizana. Eni nyumba sanali munthu wankhanza, koma anandiuza poyera kuti pali mphunzitsi wina amene akufuna chipindacho, ndipo ndikachedwanso mwezi wachitatu ndisadzadabwe. Mandasi ankatha tsiku lililonse. Sindinkamwa tiyi wa mkaka, sindinagule chitenje chatsopano chaka chonsecho. Ndalama zokha sindinkaziona.

Tinali ndi banki m'khonde, gulu la amayi a pamsika. Bokosi la gulu linkagona kwa mayi wina wachikulire amene ankagulitsa tomato ndi usipa pafupi ndi benchi yanga, ndipo tonse tinkangowatcha amayi a bokosi. Nditalephera kuponya sheya milungu iwiri, anandiitana anthu atabalalika.

"Iwe, beseni lako limabwerera lopanda kanthu tsiku lililonse. Ndalama umazikazinganso?"

Ndinayang'ana pansi. Ine kuyambira ndili mwana, munthu wamkulu akandifunsa funso mawu amathawa.

"Kapena uli ndi chibwenzi chimene ukuchidyetsa?"

"Iyayi, amayi!"

"Ndikudziwa, ndikungofuna ndimve ngati uli ndi pakamwa. Sukulu unalekezera pati?"

"Sitandade faifi."

"Yakwana. Ine ndinalekezera fili, koma bokosi lonseli lili m'manja mwanga. Kagule kope ndi pensulo. Ndalama ya kopeyo ikhale yoyamba kulemba."

Anandiphunzitsa titakhala pa thumba la tomato. Tsamba lililonse ndi tsiku limodzi, ulipinde pakati. Kumanzere zolowa, kumanja zotuluka. Ulembe nthawi yomweyo ndalama ikachoka m'manja, usadikire madzulo, chifukwa mutu umasunga zikuluzikulu zokha. Ngakhale K50 ya machesi ilembedwe. Mandasi amene wadya mwana ndi amene waika basela uwalembenso, chifukwa ndi ndalama imene yatuluka isanalowe. Ndipo dzuwa likamalowa umasule mfundo ya pachitenje, uwerenge zimene zilimo, uonenso za mufoni. Utenge zimene unadzuka nazo, uphatikize zolowa, uchotse zotuluka. Zikasiyana ndi zimene zili m'manja, ndiye kuti pali chimene sunalembe.

"Mwezi wathunthu," anatero. "Usasinthe khalidwe chifukwa cha kope. Uzichita zimene umachita, uzingolemba. Tikufuna tione pamene pakudontha, kumata n'kwa pambuyo."

Mawu ena ankandivuta kulemba, ndiye ndinkajambula. Kabotolo kanali mafuta ophikira, timizere titatu tinali nkhuni, kabwalo kanali ndasi. Tikiti ya msika ndinkangoimata ndi phala patsamba lomwelo. Masiku oyamba ndinkachita manyazi kutulutsa kope pabenchi. Mnyamata wina wa njinga anakuwa kuti, "Taonani, mandasi alembetsa mayeso!" Anzake anaseka. Kuyambira pamenepo ndinkalembera pansi pa benchi, kope lili pamwendo.

Ine ndinkaganiza kuti ndikudziwa kale pamene pakudontha. Ndinkaganiza kuti ndi basela. Munthu akagula mandasi asanu n'kunena kuti, "Achemwali, osaikako kamodzi?" ine kukana sindinkatha. Ndinkaganizanso za mafuta, amene ankakwera mtengo mwezi uliwonse. Choncho zimenezo ndinkazilemba mosamala kwambiri.

Koma mlungu woyamba wonse chiwerengero sichinagwirizane. Tsiku lililonse pankasowa K600. Osati K400 lero, K900 mawa, iyayi. K600 yomweyo. Ndinapita nalo kope kwa amayi a bokosi ndili ndi mantha kuti mwina sindikutha kuphatikiza.

Anayendetsa chala patsamba, milomo ikugwedezeka. "Masamu ako ali bwino. Wakuba amene amaba ndalama yofanana tsiku lililonse ndi mwini wake. Tandiuza, ukachoka pano umapita kuti?"

"Kunyumba."

"Molunjika?"

"Ndimadzera pakashopu ka magetsi a sola kukatenga foni. Ndimaisiya m'mawa kuti aitchaje."

"Ulere?"

"K100."

"Eya. Nanga ina?"

"Mayunitsi. A K500. Koma zimenezo si kugula, amayi. Ndi zoimbira bambo a mwana."

Sanaseke. Anandibwezera kope, nati, "Ndalama sidziwa kuti ikupita kwa mwamuna wako. Lemba."

Ndinajambula kafoni kumanja kwa tsamba. Kuyambira tsiku limenelo chiwerengero chinayamba kugwirizana.

Ndifotokoze za kuimbako. Miyezi yoyamba atapita ankaimba okha Lamlungu lililonse, n'kumandiuza za kuzizira kwa kumeneko ndi za ntchito yosamalira maluwa pa nyumba ya bwana wina. Kenako anati ntchito yachuluka, ndiziimba ine. Kuimba kunja ndi kafoni ngati kanga, K500 imatha musanamalize kupatsana moni. Pofika mwezi wa kope uja, nthawi zambiri sankayankha. Foni inkaitana, kenako kunkabwera mawu a mzimayi wolankhula Chingerezi, kenako kaphokoso kakuti pii. Mnyamata wa pashopu anandiuza kuti zimene ungalankhule pambuyo pa kaphokosoko zimasungidwa, mwini foni amadzazimva. Sanandinamize. Anandiuzanso kuti mayunitsi amadyeka chimodzimodzi ngati munthu wayankha, koma ine zimenezo sindinazisamale.

Ndiye madzulo aliwonse, tikatsuka beseni, ndinkakhala pakhomo ndi mwana pamwendo n'kuimba. Kaphokoso kaja kakalira, ine mawu ankandithawa monga mwa nthawi zonse. Ndinkangoti, "Ndife. Tili bwino." Kenako ndinkaika foni pakhutu pa mwana. Iye analibe manyazi.

"Adada, ndadya mandasi awiri. Adada, nkhuku ya eni nyumba yaswa. Adada, mubwere ndi nsapato zofiira."

Foni inkaduka akulankhulabe. Ankaiyang'ana n'kunena kuti, "Agona."

Panalinso Lachinayi. Anthu a ku Joni akafuna kutumiza katundu kwawo amapereka kwa mathiransipota, anthu a magalimoto okoka ngolo amene amanyamula mabulangete, njinga, mawailesi ndi zina zotero. Panali thiransipota wina wa kwathu konkuno amene ankadziwana ndi bambo a mwana, ndipo galimoto yake kapena ya mnzake inkaima pa Liwonde Lachinayi kutsitsa katundu wa anthu a mbali yathu. Nthawi ina bambo a mwana atayankha foni anati, "Ndakugulirani bulangete ndi nsapato za mwana. Ndipatsira galimoto ikubwerayi." Kuyambira pamenepo Lachinayi lililonse sindinkakanda ufa. Ndinkamusambitsa mwana, kumuveka diresi lake la kutchalitchi, n'kukwera minibasi ya ku Liwonde.

Ulendo umenewunso sindinkauona ngati kuwononga ndalama. Ndinkati ndikukatenga katundu wathu. Koma lamulo linali lakuti chilichonse chilembedwe, ndiye ndinajambula kagalimoto: K2,000 popita, K2,000 pobwera, K500 ya chinangwa chokazinga ndi madzi a mwana. Kumanzere kwa tsamba la Lachinayi kunkakhala koyera.

Pamalo otsitsira katunduwo tinkakhalapo amayi ambiri, ena ochokera kutali kuposa ine. Thiransipota ankakwera pangolo n'kumawerenga mayina olembedwa pa zikwama zamizeremizere zija. Woitanidwa ankaimirira akumwetulira, anzake n'kumamunena kuti, "Lero kugona m'bulangete la Joni, usatiiwale!" Ine ndinkakhala kumbuyo, pamthunzi wa khonde la sitolo. Ngolo ikatha ndinkanyamuka mwakachetechete. Sindinafunsepo kanthu. Ndinkadziuza kuti mwina katundu anachuluka, wathu akwera ulendo winawo. Ndinkadziuzanso kuti mwina bambo a mwana akudwala, kapena awagwira chifukwa cha mapepala, ndipo ndinkawapempherera.

Pakati pa mweziwo foni inalira masana ndili pabenchi. Unali uthenga wa ndalama, K20,000, yochokera kwa munthu amene amasinthira anthu a ku Joni ndalama zawo. Sanaimbe, sanatumize mawu. Komabe ndinasangalala kwambiri poilemba kumanzere kwa tsamba. Ndinaika basela kwa aliyense tsiku limenelo. Pokatapa kwa ejenti anadulapo yawo, ndipo nayonso ndinailemba kumanja.

Lachinayi lomaliza la mweziwo kunali thiransipota mwiniwake uja. Kaya ndi kope limene linandilimbitsa mtima, kaya ndi kutopa, sindikudziwa. Pensulo inali italemba kale K2,000 yopita, ndipo ndinkadziwa kuti ndikalembanso ina pobwerera popanda chonyamula. Anthu atachepa ndinamuyandikira akumanga zingwe za ngolo.

"Pepani, achimwene."

Anatembenuka, nandizindikira. "Aa, alamu! Muli pano? Kamtsikanaka kakula chonchi?"

"Ndimafunsa ngati pali kathu."

Anapukuta manja pa buluku. "Sanandipatse kanthu, alamu. Ulendo uno ayi, ulendo wathawunso ayi." Anaona nkhope yanga, ndipo ndikhulupirira anafuna kunditonthoza. "Koma musadandaule, ali bwinobwino. Ndinawaona Loweruka lomweli ku mpira wa anyamata a kwathu. Anenepa, simungawadziwe. Foni yawo ndi yaikulu ngati mbale."

"Sakudwala?"

"Kudwala? Munthu ameneuja? Iyayi!" Anaseka, kenako analeka. Anatulutsa bisiketi m'galimoto napatsa mwana. "Ndikawauza kuti ndinakuonani."

Ndinathokoza. M'minibasi mwana anagona bisiketi ili m'manja. Ine ndinkayang'ana panja, mitengo ikudutsa, ndipo ndinazindikira kuti miyezi yonseyo ndinkapempherera munthu wodwala amene kunalibe. Ndinachita manyazi kuti nkhani yakuti mwamuna wanga ali moyo ndipo ali bwino yandipweteka chotero. Kondakitala atatambasula dzanja ndinamupatsa ndalama, n'kutulutsa kope, n'kulemba.

Mwezi utatha, Lamlungu masana titaweruka kutchalitchi, ndinapita kwa amayi a bokosi. Tinakhala pamkeka kuseri kwa nyumba yawo. Anati tisonkhanitse zofanana pamodzi: za bizinesi pazokha, za pakhomo pazokha, lendi payokha, ndipo chilichonse chotsala tichione bwino. Iwo ankatchula, ine ndinkaphatikiza pa kakyuleta ya mufoni.

Phindu la mandasi, titachotsa ufa, mafuta, shuga, yisiti, nkhuni ndi tikiti, linkakhala pafupifupi K3,000 patsiku. Mwezi wonse linakwana K66,000. Kuphatikiza ndi ya ku Joni ija, zolowa zinali K86,000. Zotuluka zinali K95,000. Kusiyana kwakeko ndi kumene kunkadya mpamba, kilo ndi kilo.

Basela ndi mandasi a mwana zinalipo ndithu, koma sizinafike pamene ndinkaganizira. "Izi uchepetseko, koma si zimene zikukupha," anatero. Kenako anati, "Tsopano werenga tifoni tako ndi timagalimoto."

Mayunitsi, K15,000. Kutchaja, K3,000. Minibasi ya ku Liwonde, K16,000. Zodya za pa Liwonde, K2,000. Foni inaonetsa K36,000. Ndinafufuta n'kuyambiranso. Inaonetsa yomweyo.

"Lendi yako ndi zingati?"

"K12,000."

"Malachinayi anayi osakazinga, pa K3,000?"

Sindinafune foni pamenepo. "K12,000."

"Ndiye lendi yako umakaisiya pa Liwonde usanakwere n'komwe minibasi." Anatseka kope n'kuliika pamwendo panga. "Nanga mwamuna wako watumiza zingati?"

Ankadziwa yankho. Analiona kumanzere, lili lokhalokha pakati pa mandasi.

Ndinalira pamkeka pomwepo, mopanda phokoso, monga ndimalirira. Sindinkalira ndalama. Ndinkaona masamba onse aja, kafoni pansi pa kafoni, tsiku ndi tsiku, zonse kumanja. Ine ndinkaganiza kuti tikulankhulana, kuti ukwati wathu uli pa foni kufikira adzabwere. Koma ndinajambula ndekha ndi dzanja langa, ndipo palibe tsiku limene ndikanaloza n'kunena kuti apa anaimba ndi iwo.

Amayi a bokosi anandisiya ndilire. Anapita kukathamangitsa mbuzi imene inalowa m'khitchini, naitukwana bwinobwino, n'kubwerera.

"Za ukwati wako ine sindilowererapo, uli ndi ankhoswe," anatero. "Ine ndimadziwa za bokosi. Ukapitiriza chonchi, miyezi iwiri beseni ligona chafufumimba, chipinda atenga aphunzitsi. Mwamuna wakoyo nambala yako ali nayo?"

"Ali nayo."

"Njira ya ku Nsanama akuidziwa?"

"Akuidziwa."

"Thiransipota nambala yako ali nayo?"

"Iyayi."

"Umupatse. Katundu akabwera adzakuimbira. Lachinayi ndikuone pabenchi."

Lolemba madzulo ndinadzera pakashopu kutenga foni. Mnyamata uja anali atang'amba kale kakhadi ka K500. Ndinati lero ayi. Anandiyang'ana modabwa, ine n'kutuluka msanga. Kunyumba titatsuka beseni mwana anabwera yekha kudzakhala pamwendo panga, natambasula dzanja.

"Adada."

"Lero aimba okha," ndinatero.

Tinakhala pakhomo foni ili pamkeka pakati pathu. Chigayo chinazima, anthu anadutsa ndi ufa pamutu. Mwana anatenga foni, naiika pakhutu osaimba, nayamba kufotokoza kuti anapiye a eni nyumba atsala anayi, wina anatengedwa ndi kabawi. Atamaliza anaiyang'ana n'kunena kuti, "Agona." Anachita zimenezo masiku angapo. Kenako tsiku lina titatsuka beseni anathamangira kwa anzake osewera pachigayo, osayang'ana foni n'komwe. Tsiku limenelo linandiwawa kuposa la pa Liwonde.

Lachinayi ndinakanda ufa. Mandasi anatha dzuwa lisanapendeke, ndipo anyamata a njinga anati, "Lero mwatikumbuka, achemwali? Malachinayi onsewa timadya mphepo." Ndinaseka nawo pang'ono. Minibasi za ku Liwonde zinkaima patsogolo panga, makondakitala akuitanira, ndipo mmodzi amene ankandidziwa anandikodola. Ndinapukusa mutu n'kuyang'ana m'beseni.

Lendi ya mwezi wotsatira ndinalipira tsiku lake lenileni. Eni nyumba anawerenga kawiri, nati aphunzitsi aja akafune kwina. Patapita miyezi ingapo ndinabwerera pa makilo asanu, ndipo sheya ndinkaponya osadumphitsa. Nsapato zofiira ndinagula ndekha pa kaunjika tsiku la msika. Zinali zazikulu pang'ono, tinaikamo nsanza kutsogolo.

Chipinda chija sindinachitaye. Chitseko ndi chomwe chija, ndipo munthu wotsika minibasi sangasochere. Thiransipota sanaimbe. Bambo a mwana sanaimbe, mwezi umenewo ngakhale wotsatira. Amayi atabwera kuchokera ku Rivirivi kudzationa anayang'ana m'chipindamo, nafunsa kuti, "Tsono ukudikirabe?" Ndinati pano ndi pamene pali msika wanga.

Kope loyamba litadzaza ndinagula lina, ndipo ndimalembabe. Timagalimoto mulibemo. Amayi a bokosi analiona tsiku lina, chala chawo n'kuima pa kafoni kamene kali pa tsamba lililonse, K100 pambali pake.

"Aka bwanji? Foni yosaimba imatha moto tsiku lililonse?"

"Batire inafooka, amayi. Ikagona osatchaja imazima."

"Ikazima?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anakhala kanthawi chala chili pomwepo, kenako anatembenuza tsamba.